OD600: makina aja sawerenga mabakiteriya, amayeza kuwala komwe sikunafike

Mukathira bakiteriya wa E. coli pang'ono mu msuzi wodyetsera tizilombo wotchedwa LB n'kuika fulasiki mu inkyubeta yogwedeza pa madigiri 37, ola loyamba msuziwo umaonekabe mbee, mutha kuona chala chanu kuseri kwa galasi bwinobwino. Pakatha maola atatu kapena anayi wayamba kuvunduka, ndipo mukabwera mawa lake m'mawa mumaupeza uli mbuu, chala chija sichikuonekanso. Kuvunduka kumeneku ndi komwe timayeza ndi spekitirofotomita, timatapa mililita imodzi kuthira mu kachubu koonekera kotchedwa kiyuveti, kulowetsa m'makina, kudina batani, pasikirini pabwera 0.52, ndiye tilemba m'buku kuti OD600 ndi 0.52, OD ndi chidule cha optical density, muyezo wa kuvundukako, 600 ndi mtundu wa kuwala komwe tikuyezera. Sizitenga ndi miniti yomwe, pomwe kudzala pa mbale ya aga, chakudya cha tizilombo cholimba ngati jele, kuti muwerenge makoloni, timadontho tomwe timamera pomwe panagwera bakiteriya wamoyo, kumafuna mudikire mpaka mawa. Nchifukwa chake aliyense amaikonda njirayi, nanenso ndimaikonda. Koma ambiri amene amalemba nambalayi amaitenga ngati makina awerenga mabakiteriya amene ali m'katimo, pomwe makinawo sanaone bakiteriya olo mmodzi. Chomwe aona ndi chakuti kuwala kwina komwe anatumiza sikunafike kumapeto, basi. Mavuto onse a njirayi akuchokera pamenepo.

M'kati mwa makinamo muli nyali, kenako kachipangizo kosankha mtundu umodzi wa kuwala, ife timasankha wa mananomita 600 womwe m'maso umaoneka ngati olenji, kenako malo a kiyuveti yomwe m'kati mwake ndi sentimita imodzi kuchokera khoma ili kufika linalo, ndiye kumapeto kuli ditekita yolandira kuwala komwe kwadutsa. Makina amayerekeza kuwala komwe kunadutsa mu bulanki, kiyuveti ya msuzi wopanda tizilombo, ndi komwe kwadutsa mu sampulo yanu motere:

```
OD = log10(I0 / I)
```

I0 ndi kuwala kodutsa mu bulanki, I ndi kodutsa mu sampulo. Poti pali logi pamenepo, manambalawa sayenda m'mene maso amaganizira. OD ya 0.3 ikutanthauza kuti pafupifupi theka la kuwala lafika. OD ya 1 ndiye kuti kwafika gawo limodzi mwa magawo 10. OD ya 2 kwafika 1 peresenti yokha, pa 3 kwatsala 0.1 peresenti, ditekita ikugwira ntchito pafupifupi mu mdima ndipo kakuwala kalikonse kosochera m'kati mwa makina kamasokoneza zotsatira. Za 600 zo palibe chodabwitsa, anthu anangoona kuti msuzi ngati LB womwe ndi wachikasu sumeza kwambiri kuwala kwa mtundu umenewu, komanso kuwalaku sikupha maselo ngati m'mene kumachitira kwa UV. Malabu ena amagwiritsa 595, ena 550, ena 660, zonse zimagwira bola musasinthe pakati pa ntchito.

Spekitirofotomita anaipangira kuyeza zinthu zomeza kuwala, monga utoto wosungunuka m'madzi, ndipo kumeneko lamulo la Beer ndi Lambert limagwira bwino, mukachulukitsa utoto kawiri nambala nayo imakwera kawiri. Mabakiteriya ambiri sameza kuwala kwa 600, amakumwaza. Taganizani tiyi wopanda mkaka mu tambula ya galasi, ndi woderapo koma supuni mukuiona bwinobwino m'katimo, ameneyo akumeza kuwala. Muthiremo mkaka pang'ono, tiyi uja wayera koma supuni yasowa, chifukwa timadontho ta mafuta ndi mapuloteni a mkaka tikukhotetsa kuwala uku ndi uku. Mabakiteriya ali ngati mkakawo. Kuwala kukagunda selo kumapatuka pang'ono n'kuphonya ditekita, makina nkumati kwamezedwa pomwe kwangolowera kwina.

Maselo akakhala ochepa izi sizivuta, selo lililonse limapatutsa kachigawo kake ndipo maselo awiri amapatutsa kawiri. Koma akathithikana, kuwala komwe selo loyamba linapatutsa kumakagunda lachiwiri, lachitatu, ndipo kwina kumabwereranso njira ya ku ditekita. Komanso mabakiteriya amamwaza kwambiri chakutsogolo, mongokhotetsa pang'ono, ndiye kuwala kwina komwazidwa kumalowabe ndithu mu ditekita. Zotsatira zake makina amaona kuwala kochuluka kuposa komwe lamulo lija likuyembekezera, ndiye amapereka nambala yochepa kuposa yoona. Nthawi zonse cholakwikachi chimapita mbali imodzi, kumunsi. Pa makina ambiri mzere umakhala wowongoka mpaka cha m'ma 0.4 kapena 0.5, ena amapirira kufika chapafupi ndi 1, kupitirira apo umayamba kugona. Ndipo poti zikudalira kutalika kwa pakati pa kiyuveti ndi ditekita komanso kukula kwa kabowo kolandirira kuwala, makina awiri a pa benchi imodzi atha kupereka manambala osiyana pa sampulo yomweyo, onse ali abwinobwino osaonongeka. Ichi chimadabwitsa anthu ambiri koma ndi m'mene zilili, OD si muyezo ngati giramu kapena lita woti ukhale chimodzimodzi paliponse.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto, manambala ake ndi ongoyerekeza koma ndi a mtundu womwe mungaupeze pa benchi. Muli ndi E. coli yomwe yagona usiku wonse mu LB, mukufuna kuyambitsa fulasiki yatsopano ya mamililita 50 pa OD ya 0.05. Mwayatsa makina n'kuwasiya atenthe kaye kwa maminitsi 15 kapena kuposa kuti nyali ikhazikike, mwaika bulanki ya LB yopanda tizilombo, yochokera m'botolo lomwelo lomwe munaphikira msuzi wa fulasiki, osati madzi. Mwathira kalicha, msuzi wa E. coli yogona usiku ija, m'mene ilili mu kiyuveti, makina akuti 1.9. Munthu wachangu atenga 1.9 yo n'kuwerengera, 0.05 kuchulukitsa ndi 50 kugawa ndi 1.9, apeza mamililita 1.3, athira. Koma tasukulutsani kaye, tengani mamaikulolita 100 a kalicha muthire mu mamaikulolita 900 a LB, sakanizani, yezani. Makina akuti 0.42. Chulukitsani ndi 10, OD yeniyeni ndi 4.2, osati 1.9. Ndiye mumafunika mamililita 0.6 okha. Wachangu uja wayamba fulasiki yake pa 0.11, kuposa kawiri pomwe amafuna, ndipo sakudziwa. Ngati akuyerekeza mitundu iwiri ya bakiteriya, wina wogona usiku kufika pa 4 wina kufika pa 2.5, makina awaonetsa ngati oyandikana, ndiye mafulasiki awiriwo ayamba mosiyana kuchokera pa miniti yoyamba, kenako iye nkumati mtundu wina ukukula msanga.

Lamulo lake ndi lapafupi, nambala ikapitirira malire a makina anu sukulutsani mpaka igwere pakati pa 0.1 ndi 0.4, kenako chulukitsani. Ndipo sukulutsani ndi msuzi womwewo womwe uli mu bulanki, chifukwa mukathira madzi wamba kapena madzi a mchere wambiri maselo amatupa kapena kufota ndipo kamwazidwe kawo ka kuwala kamasintha pang'ono.

Malire a makina anu mungawadziwe bwanji? Zimangotenga theka la ola ndipo ndimadandaula kuti ambiri sachita. Tengani kalicha yothithikana ija, sukulutsani theka ndi theka motsatizana, machubu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, yezani onse. Yambirani ku chubu chosukuluka kwambiri mukukwera, nambala iliyonse iyenera kukhala kawiri ya yapambuyo pake. Muona 0.066, 0.13, 0.26, 0.51, kenako m'malo mwa 1.05 mupeza mwina 0.88, m'malo mwa 2.1 mupeza 1.4. Pomwe kuwirikiza kwayamba kuperewera ndi pomwe pali malire anu. Lembani pa kapepala mumate pa makinapo.

Tibwerere ku fulasiki yathu, yayamba pa 0.05, ikugwedezeka, mukutapa sampulo maminitsi 20 kapena 25 aliwonse. Apa ndi pomwe njirayi imaonetsa ubwino wake weniweni, chifukwa poyeza liwiro la kakulidwe simufunika kudziwa kuti maselo alipo angati, mungofunika kudziwa kuti nambala yawirikiza kangati pa nthawi yakuti. Tinene kuti pa miniti ya 60 mwapeza 0.10, pa miniti ya 110 mwapeza 0.40.

```
mu = ln(OD2 / OD1) / (t2 - t1)
td = ln(2) / mu
```

Kuchoka pa 0.10 kufika 0.40 ndi kuwirikiza maulendo awiri, 0.10 kupita 0.20 kupita 0.40, m'maminitsi 50, ndiye nthawi yowirikiza ndi maminitsi 25. Fomula ikupatsani zomwezo, mu, liwiro la kakulidwe, ndi 0.0277 pa miniti, td, nthawi yowirikiza, ndi 25. E. coli ikakhala pabwino kwambiri mu LB pa madigiri 37 ndi mpweya wokwanira imafika cha m'ma 20, ndiye 25 si zachilendo. Girafu yake jambulani pa sikelo ya logi, chifukwa pa sikelo wamba chilichonse chimaoneka ngati chikukhota mokongola ndipo simungaone pomwe kakulidwe kasiya kukhala kowirikiza.

Tsopano onani zomwe bulanki yolakwika imachita. Tinene kuti bulanki munaika madzi, kapena kiyuveti ya sampulo ili ndi zokala, kapena magetsi anazima n'kuyakanso ndipo simunabwereze bulanki, mwakuti nambala iliyonse yakwera ndi 0.04. Kanthu kochepa eti. Koma tsopano muli ndi 0.14 ndi 0.44, mukaika mu fomula td ikutuluka maminitsi 30. Bakiteriya yemweyo, fulasiki yomweyo, mwamuchedwetsa ndi maminitsi asanu chifukwa cha 0.04. Kumtunda nakonso chimodzimodzi, ngati OD yoona yachoka pa 0.8 kufika 1.6 m'maminitsi 25 koma inu osasukulutsa makina akupatsani 0.70 ndi 1.15, muwerengera td ya maminitsi 35 n'kulemba kuti chakudya chayamba kutha, pomwe chomwe chatha ndi mphamvu ya makina yoona bwino. Kumunsi bulanki imakunamizani, kumtunda kumwazika kobwerezabwereza kumakunamizani, malo okhulupirika ndi kadera kapakati kaja.

Tizinthu tina ta pa benchi sindichedwapo, koma timaononga manambala tsiku ndi tsiku. Kiyuveti igwireni m'mbali zosaonekera, zala zimasiya mafuta. Ilowe mbali imodzimodzi nthawi zonse. Kathovu kamodzi komata pakhoma komwe kuwala kukudutsa kamakweza nambala, gogodani pang'ono kachoke. Sampulo yochoka mu ayezi imachita thukuta kunja kwa kiyuveti, pukutani. Ndipo sakanizani musanayeze chifukwa maselo amadikha pansi mukawasiya, ngati nambala ikutsika pang'onopang'ono inu mukuyang'ana sikirini ndiye kuti akudikha kapena muli zibuma.

Funso lomwe limabwera kawirikawiri ndi lakuti OD ya 1 ndi maselo angati. Yankho lomwe limayenda m'malabu ndi lakuti pa E. coli ndi pafupifupi 8 × 10^8 pa mililita, mamiliyoni 800. Nambalayi si yabodza, ndi yothandiza poyerekeza mwachangu, koma ndi ya makina a munthu wina, mtundu wa E. coli wa munthu wina, pa msinkhu wina wa kalicha. Chomwe OD imatsatira kwambiri ndi kulemera kwa zinthu zonse za m'maselo pamodzi, osati chiwerengero chawo. Maselo akuluakulu ochepa ndi maselo ang'onoang'ono ambiri atha kupereka OD yofanana. Ndipo kukula kwa selo la bakiteriya sikokhazikika. Mu 1958 Schaechter, Maaløe ndi Kjeldgaard ku Copenhagen anaonetsa pa Salmonella kuti maselo okula mwachangu mu chakudya chabwino amakhala aakulu kwambiri kuposa okula pang'onopang'ono mu chakudya chosauka, kusiyana kwake ndi kangapo ndithu osati pang'ono. Olo mu fulasiki imodzi zimasintha. Sezonov ndi anzake mu 2007 anapeza kuti E. coli mu LB imasiya kukula mokhazikika OD600 ikangofika cha pa 0.3, kuchokera apo liwiro limayamba kutsika ndipo maselo amayamba kuchepa msinkhu. Ndiye maselo a m'fulasiki yanu pa 0.2 ndi onenepa, a mu kalicha yogona usiku ija ndi tating'ono tofupika, OD imodzi ya awa ndi OD imodzi ya awo si chiwerengero chimodzi.

Ngati chiwerengero chikufunikadi, palibe njira yachidule, muyenera kudzala. Pa nthawi yomwe fulasiki ili pa 0.40 tapani sampulo, sukulutsani kakhumi kakhumi kasanu kufika pa 10^-5, pakani mamililita 0.1 pa mbale ya aga, mawa werengani mbale yomwe ili ndi makoloni pakati pa 30 ndi 300. Tinene mwapeza 184. Ndiye 184 kuchulukitsa ndi 10 chifukwa munadzala gawo limodzi mwa khumi la mililita, kuchulukitsanso ndi 100,000, mupeza 1.84 × 10^8 CFU pa mililita, CFU ndi chiwerengero cha tizilombo tamoyo tomwe titha kumera koloni. Pa makina anu, ndi bakiteriya wanu, pa msinkhu umenewu, OD ya 1 ikuimira pafupifupi 4.6 × 10^8, kungopitirira pang'ono theka la nambala yotchuka ija. Chitani zimenezi pa malo angapo a girafu, kuchiyambi, pakati ndi kumapeto, muona nokha kuti kachiwerengeroka kakusuntha.

Malire aakulu kwambiri, omwe ine ndimaona kuti ndi oopsa chifukwa amakhudza ntchito za mankhwala, ndi akuti kuwala sikusiyanitsa selo lamoyo ndi lakufa. Selo lakufa lomwe silinaphulike limamwaza kuwala pafupifupi ngati lamoyo. Mutha kutenthetsa chubu mpaka chilichonse chife, mukayeza OD isintha pang'ono chabe, mukadzala pa aga sipamera kanthu. Nchifukwa chake gawo lomwe mabuku amajambula kumapeto kwa girafu, pomwe mabakiteriya akufa, nthawi zambiri silioneka pa OD, mzere umangogona chonchi kwa masiku pomwe amoyo akutha m'katimo.

Gawani fulasiki yathu ija panayi ili pa 0.2, iliyonse muthiremo mankhwala ake. Yoyamba muthire kuloramfenikolo, amene amaimitsa kupanga mapuloteni koma sapha E. coli msanga. OD ikwera pang'ono kenako iima. Yachiwiri muthire jentamaisini wokwanira, amene amapha ndithu. OD nayonso ikwera pang'ono kenako iima, magirafu awiriwa mukawaika pamodzi akufanana kwambiri. Koma dzalani pa aga pakatha maola awiri, ya kuloramfenikolo makoloni adzadza pafupifupi ngati poyamba, ya jentamaisini atsika kambirimbiri mwina osapezeka n'komwe pa mbale zomwe munasukulutsa. Wongoyang'ana OD anena kuti mankhwala awiriwa achita zofanana, pomwe kwina tizilombo tangoima kudikira mankhwala achoke, kwina tafa.

Yachitatu muthire ampisilini. Apa OD imapitirira kukwera kwa kanthawi ngati palibe chachitika, chifukwa mankhwalawa amaononga khoma la selo pomwe selo likukula, kenako maselo amayamba kuphulika ndipo OD imagwa, msuzi nkuyeranso, nthawi zina mumaona tinyenyeswa tonga ulusi tikuyandama. Iyi ndi nthawi yomwe OD imanena zoona za imfa, koma imanena mochedwa. Yachinayi ndi yomwe imapusitsa kwambiri, muthire sefaleksini. Mankhwala awa amagwira puloteni yotchedwa PBP3 yomwe imamanga khoma lapakati pomwe selo likugawika. Selo limapitiriza kudya, kukula, kutalika, koma silingaduke pawiri, ndiye limasanduka chingwe chachitali kuwirikiza kakhumi kapena kuposa. Kulemera kukuchuluka ndiye OD ikukwera bwinobwino kwa ola limodzi kapena awiri ngati fulasiki yopanda mankhwala, pomwe chiwerengero cha maselo chaima pomwe chinali, chingwe chilichonse pa aga chimapereka koloni imodzi yokha. Siprofulokisasini nayenso amachititsa zingwe zoterezi kudzera njira ina, DNA ikaonongeka selo limaimitsa kugawika. Munthu woyeza OD yekha pa ola loyamba alemba kuti bakiteriyayu sakumva mankhwala. Dontho limodzi pa silaidi pansi pa maikulosikopu likanamuuza zonse m'maminitsi awiri, zingwezo sizibisika. Ine ndimaona kuti kulikonse komwe mukuthira chinthu chovutitsa maselo, kaya mankhwala, kaya madzi a zitsamba omwe ophunzira ambiri amakonda kuyesa, OD isamayende yokha, pazikhala maikulosikopu ndi mbale ya aga pambali. Za zitsambazo palinso vuto lina, madzi ake amakhala ndi mtundu ndipo ena amapanga zibuma akakumana ndi msuzi, ndiye bulanki iyenera kukhala ndi madzi a zitsambawo pa mlingo womwewo, apo ayi mukuyeza masamba osati tizilombo.

Pali mabakiteriya ena omwe kabadwa kawo sikagwirizana ndi njirayi. Mycobacterium tuberculosis, ka TB kaja, khungu lake ndi la mafuta ndipo maselo amamatana m'zibuma, nchifukwa chake mu msuzi wake amathiramo Tween 80 pang'ono, kawirikawiri 0.05 peresenti, kuti abalalike. Chibuma chimodzi cha maselo 1,000 sichimwaza kuwala ngati maselo 1,000 omwazikana, chimamwaza kochepa, ndipo nambala imadumphadumpha malinga ndi chibuma chomwe chadutsa pa kuwala nthawi imeneyo. Streptomyces imakula ngati timipira ta ulusi, kumeneko anthu amangosefa, kuumitsa n'kuyeza kulemera. Pseudomonas aeruginosa imamata pa galasi, zomata pakhoma la fulasiki sizilowa mu pipeti yanu, komanso imatulutsa utoto wobiriwira mu msuzi. Serratia marcescens ili ndi utoto wofiira womwe umameza kuwala chapafupi ndi komwe tikuyezera. Pa zamoyo zokhala ndi kolorofilo ngati sayanobakiteriya anthu amathawira ku 730 kapena 750 kuti utoto usalowerere.

Kumunsi nako kuli khoma. OD ya 0.01, yomwe pa makina ambiri ili kale m'malire a phokoso, ikuimira maselo mamiliyoni angapo pa mililita. Chilichonse chochepera apo makina amati ziro. Mukayambitsa kalicha ndi maselo 1,000 pa mililita, akufunika awirikize maulendo oposa 13 kuti afike pa mamiliyoni 10 pomwe ayambe kuoneka, pa maminitsi 25 ulendo uliwonse amenewo ndi maola asanu ndi theka. Girafu ikhala yogona pansi nthawi yonseyo ndipo ambiri amalemba kuti tizilombo tinali tikuzolowera malo, pomwe tinali tikuwirikiza mwa liwiro lonse kungoti makina sakutiona. Pa chifukwa chomwechi musayese kugwiritsa OD poona ngati madzi a pa mjigo kapena pa chitsime ndi abwino kumwa, muyezo wa WHO umafuna kuti mu mamililita 100 musapezeke E. coli olo imodzi, ndipo madzi oyera mbee atha kukhala ndi masauzande. Mkodzo womwe ku labu ya chipatala amauwerengera kuti uli ndi matenda pa 10^5 CFU pa mililita, OD ya mabakiteriya ake ingakhale cha m'ma 0.0001, palibe spekitirofotomita wamba yomwe ingaone zimenezo.

Makina owerenga mbale ya maenje 96 abweretsa chisokonezo china. M'menemo kuwala kumadutsa kuchokera pamwamba kupita pansi, ndiye kutalika kwa njira yake kukudalira kuchuluka kwa madzi omwe mwathira, mamaikulolita 200 amapereka kungopitirira theka la sentimita, osati sentimita yathunthu ngati kiyuveti. Nambala ya m'mbale ndi ya mu kiyuveti musaziike pa girafu imodzi osasintha. Maenje a m'mphepete amauma msanga usiku, chivindikiro chimachita nthunzi, maselo amaunjikana pakati pa dzenje ngati kugwedeza kuli kochepa, ndipo simungasukulutse pakati pa ntchito ndiye kumtunda kwa girafu nthawi zonse kumakhala kophwanyika. Ambiri amathira msuzi wopanda kanthu m'maenje a m'mphepete onse n'kugwiritsa a m'kati 60 okha.

Ku malabu a zipatala kuvunduka amakuyeza tsiku lililonse olo pomwe palibe spekitirofotomita, kudzera mu muyezo wa McFarland, womwe Joseph McFarland anaufotokoza mu 1907. Chubu cha 0.5 amachipanga posakaniza mamililita 0.05 a BaCl2 ya 1.175 peresenti ndi mamililita 9.95 a H2SO4 ya 1 peresenti, mumatuluka tinthu toyera ta BaSO4 tomwe timavundula madziwo, ndipo chikapangidwa bwino chiyenera kupereka pakati pa 0.08 ndi 0.13 pa mananomita 625. Woyeza amatola makoloni angapo, amawasungunula m'madzi a mchere, amaika chubu chake pambali pa cha McFarland kutsogolo kwa kakhadi koyera ka mizere yakuda, n'kuonjezera kapena kusukulutsa mpaka mizere ioneke mofanana m'machubu onse awiri. Amati zikatero muli pafupifupi 1.5 × 10^8 CFU pa mililita, ndipo ndi zomwe amapaka pa mbale asanaike timapepala ta mankhwala poyeza ngati bakiteriya akumva mankhwalawo. Chubu cha McFarland chikakhalitsa tinthu tija timadikha ndi kumatana, ndiye chiyenera kugwedezedwa bwino nthawi iliyonse, kutsekedwa kuti chisaume ndi kusungidwa mu mdima. Mukapaka zothithikana kuposa 0.5, malo oyera ozungulira kapepala amachepa ndipo lipoti lipita kwa dokotala kuti mankhwala sakugwira pomwe akanagwira, mukapaka zosukuluka malowo amakula ndipo wodwala apatsidwa mankhwala omwe samuthandiza. Ndipo 1.5 × 10^8 yo ndi ya mabakiteriya a msinkhu ngati wa E. coli, mukafananitsa Candida ndi chubu chomwecho cha 0.5 mumakhala maselo pakati pa miliyoni imodzi ndi mamiliyoni asanu okha pa mililita, chifukwa selo la yisiti ndi lalikulu kwambiri ndipo limodzi limamwaza kuwala komwe pakanafunika mabakiteriya makumimakumi.